Danga lopanda kanthu pa fomu yosamutsira katundu

Katundu akachoka m'sitolo chifukwa munthu wagula, risiti ndi ndalama za m'kabati zimachitira umboni. Koma akachoka ku nthambi ina kupita ku inzake ya mwini yemweyo, palibe wagula, palibe walipira. Matumba a simenti akwera lole ku Limbe, akutsika ku Zomba, ndipo pa ola ndi theka lomwe ali pamsewu wodutsa ku Namadzi ndi ku Thondwe sali m'buku la aliyense. Fomu yosamutsira katundu anaipangira nthawi imeneyi. Yomwe ndikufuna tiione ndi ya sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira, yomwe nthambi zake zili m'matauni awiriwa.

Ndi buku wamba, masamba atatuatatu okhala ndi nambala imodzi yodindiratu: loyera, lachikasu ndi labuluu, kaboni pakati. Pamwamba pali tsiku, nthambi yotumiza, nthambi yolandira, nambala ya galimoto ndi dzina la dalaivala. Zimenezo aliyense akhoza kuziganiza. Nzeru ya amene anaikonza ili pakati, pomwe mtundu uliwonse wa katundu uli ndi mzere wake ndipo mzerewo uli ndi madanga awiri a chiwerengero oyandikana, lina la zotumizidwa, lina la zolandiridwa. Kalaliki wa ku Limbe amadzaza loyambalo basi. Lachiwiri salikhudza ngakhale atatsimikiza bwanji, chifukwa si lake. Fomu yokhala ndi danga limodzi imangouza wolandira kuti asayine zomwe mnzake wanena, pamene iyi imamufunsa kuti iye waona zingati.

Tiyeni titenge fomu nambala 0417. Mzere woyamba, simenti, matumba 40 a makilogalamu 50. Wachiwiri, malata a geji 28, a mafiti 10, malata 60. Wachitatu, misomali ya mainchesi 4, makatoni 2 a makilogalamu 25. Wachinayi, penti yoyera, zitini 12 za malita 5. Taonani kuti palibe nambala yomwe yaima payokha. Kalaliki wosazama ntchito akanalemba kuti "misomali 2", n'kusiya a ku Zomba akudzifunsa ngati ndi makilogalamu awiri kapena makatoni awiri, kusiyana kwake kuli makilogalamu 48. Mikangano yambiri ya pakati pa nthambi imayambira pa muyeso wosalembedwa, osati pa kuba monga eni masitolo amathamangira kuganiza.

Akamaliza mzere wachinayi, kalaliki amakhwatcha mizere yotsala ndi mzere umodzi wokhotakhota mpaka pansi. Ndi kanthu ka sekondi imodzi, koma kamatseka khomo kwa aliyense amene angafune kuwonjezerapo mzere wachisanu pambuyo pake. Kenako dalaivala amawerenga katundu pamene akukwezedwa, n'kusayina. Siginecha yake ndiyo imachititsa kuti katunduyo akhale ndi mwini ali pamsewu. Loyera ndi lachikasu amanyamula, labuluu limatsala m'buku.

Ku Zomba kuli mayi wina amene amalandira katundu, ndipo kachitidwe kake ndi komwe kamaipatsa fomuyi mano. Lole ikaima, amalandira mapepala, kuwapinda osawawerenga, n'kuwaika m'thumba la epuloni. Amayamba wawerenga katundu n'kulemba pakapepala kena. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anawerengapo malata: diso likaona kale 60 papepala, dzanja limafika pa 60 ngakhale malata ali 59. Malata amakanirirana, awiri n'kuoneka ngati limodzi, choncho amawatsitsitsa khumikhumi, mulu uliwonse pawokha.

Tsiku la fomu 0417 ija simenti inakwana 40, koma matumba awiri anang'ambika pomwe chingwe chinamanga. Mayiyo analemba 40 pa zolandiridwa, pa ndemanga n'kuikapo kuti 38 abwino, 2 ong'ambika. Akanalemba 38 basi, buku likananena kuti matumba awiri asowa, chonsecho ali pomwepo ndipo akhoza kugulitsidwa pa kilo. Misomali inali bwinobwino. Malata nawo anakwana 60, ndipo wina akanasayina n'kupuma. Koma atayala miulu isanu ndi umodzi ija pansi, umodzi unaoneka waufupi. Tepi inasonyeza mafiti 8. Penti inapezeka zitini 11.

"Achimwene, bwerani tiwerengere limodzi musanapite," anatero kwa dalaivala.

"Koma mayi, ine ndinasayinira 12 ku Limbe."

"N'chifukwa chake ndikufuna muone nokha kuti pano zili 11."

Anawerenga, anayang'ana pansi pa tenti ndi kumbuyo kwa mpando, chitini chosowacho sanachipeze. Mayiyo analemba 50 pa mzere wa malata ndi ndemanga yoti ena 10 afika a mafiti 8, analemba 11 pa penti, ndipo onse awiri anasayina pambali pa ndemangazo. Sanafufute kapena kukonza nambala iliyonse ya ku Limbe. Nambala ziwiri zosiyanazo ziyenera kukhala moyang'anizana, pakuti kusiyanako ndiko uthenga. Loyera linatsala ku Zomba, lachikasu linabwerera ndi lole.

Lachikasu likafika ku Limbe limakhomedwa pa labuluu lija, ndipo kufufuza kumayamba pa makhadi a katundu. Nkhani ya malata sinachedwe. Pa shelefu a mafiti 10 anapezeka ochuluka ndi khumi kuposa pa khadi, a mafiti 8 operewera ndi khumi. Zoterozo ndi chizindikiro cha kusokoneza ponyamula: mitundu iwiri yofanana, wina wapitirira, wina waperewera, ndi nambala yomweyo. Wakuba sasiya zochuluka. Anangokonza makhadi, Zomba n'kusunga a mafiti 8 aja pa fomu yatsopano, chifukwa kubweza malata khumi pa mtunda wonsewo n'kuwononga mafuta.

Penti inali nkhani ina. Chitini chikanakhala kuti chinaiwalika pakhomo, ku Limbe kukanapezeka chimodzi chowonjezera. Sichinapezeke. Ndiye kuti chinatuluka m'sitolo koma sichinafike, ndipo apa ndi pomwe mphamvu ya fomu imathera. Yasonyeza tsiku, galimoto ndi chigawo cha ulendo pomwe chitini chinasowera, koma singanene ngati chinagwa panjira, ngati chinatsitsidwa lole itaima, kapena ngati dalaivala anasayinira 12 osawerenga. Mwini sitolo analemba chitinicho ngati chotayika pamsewu, osachikoloweka pa nthambi iliyonse, ndipo ine ndikuona kuti anachita bwino. Akanachiika pa Zomba, mayi uja akanaphunzira kuti kunena zoona n'kudziitanira ngongole.

Fomuyi imafa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi wolandira wotanganidwa ndi makasitomala amene amangokopera nambala za danga loyamba kupita lachiwiri. Buku lake limadziwika msanga: miyezi yathunthu popanda kusiyana kulikonse, popanda thumba long'ambika ngakhale limodzi, koma tsiku lowerenga sitoko katundu n'kuperewera. Yachiwiri ndi tsamba lachikasu losabwerera. N'chifukwa chake woyang'anira wabwino amatsegula buku Loweruka lililonse n'kutsatira manambala, 0415, 0416, 0417, kuona kuti labuluu lililonse lili ndi lachikasu lake. Fomu yolakwika polemba saing'amba, amailemba kuti yathetsedwa n'kuisiya m'buku ndi masamba ake onse atatu. Labuluu likakhala lokha kupitirira masiku awiri kapena atatu, amaimbira foni ku Zomba tsiku lomwelo, dalaivala akadakumbukira pomwe anaima.