Cholembera chofiira cha ku Area 25

Pali ntchito ina imene anthu saiombera m'manja: kusadzira kalata yopempha thandizo la ndalama isanatumizidwe. Mayi wina wa ku Area 25 amaigwira madzulo, tiyi akuzizira pambali, cholembera chofiira chikukanda pepala kuti kwee.

Gulu la amayi a ku Mgona linamubweretsera masamba awiri opempha kiyosiki ya madzi. Ndime yoyamba inati anthu ndi osauka, yachiwiri inati ndi ovutika, yachitatu inati alibe chuma. Iye anawerenga mokweza, pakuti khutu limagwira kubwereza kumene diso limadumpha, ndipo anasiyapo chiganizo chimodzi chokha. Mbiri ya Malawi anaifufuta yonse. Opereka ndalama akuidziwa kale. Koma mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 sanaufufute, chifukwa nkhani yake ndi ya madzi.

Pamene ndimamugomera kwambiri m'pofotokoza vuto. Amayiwo analemba kuti vuto ndi kusowa kwa kiyosiki. Iye anapukusa mutu: kiyosiki ndi yankho, si vuto ayi. Anawafunsa mosathamanga kuti akuvutika ndani, pati, chifukwa chiyani. Pang'onopang'ono zinatuluka: mipopi ya Lilongwe Water Board ikauma, kapena mzere wa zigubu ukatalika, amayi amakatunga m'zitsime zosaya zoyandikana ndi zimbudzi, ana n'kumatsegula m'mimba. Pa chiwerengero cha mabanja anasiyapo mpata kuti akawerenge khomo ndi khomo, asangopeka.

Popanda dzanja lotere, wowerenga amatopa tsamba loyamba lisanathe, ana odwala aja ali m'ndime yachisanu, osawafika n'komwe.