Moto wa Nagarjuna Ulipo, Koma Sudziimila Paokha

Tsiku loyamba kuwelenga Mulamadhyamakakarika, buku la ndakatulo la Nagarjuna, n'nalitseka mokwiya. Mphunzitsi wacibuda ameneyu anakhalako ku India ca pakati pa zaka za 150 na 250. Liu lake lalikulu m'Cisansikiliti ni shunyata, limene ambili amamasulila kuti "kupanda kanthu". N'naganiza kuti akuniuza kuti njala, cikondi na malilo ni maloto cabe. N'nalakwa, ndipo cinanisoceletsa ni kamasulilidwe kameneka.

Ukakamba kuti m'poto mulibe kanthu, sutanthauza kuti potoyo kulibe. Funso n'lakuti: mukusowa ciani? Nagarjuna akuti cimene cikusowa m'zinthu zonse ni svabhava, kutanthauza kukhalapo kwa cinthu pacokha, cosadalila cina ciliconse.

Pa macaputa 27 a bukuli, imene inanitsegula maso ni caputa 10, yokamba za moto na nkhuni. Iwe ganizila mbaula. Ngati moto na malasha n'cinthu cimodzi, ndiye kuti cotentha na cotenthedwa sizisiyana, ndipo zimenezi sizimveka. Ngati ni zinthu ziwili zosadalilana, moto ukanayaka popanda malasha, sukanafuna woukoleza, komanso sukanazima. Conco moto ulipo cifukwa ca malasha, mphepo na dzanja limene laukoleza. Uku ndiye kupanda kanthu kumene iye akamba. Koma pisamo cala uone: udzapsa ndithu.

Mu caputa 24, Nagarjuna amayamba wapatsa mpata womutsutsa. Wotsutsayo akuti ngati zonse zilibe kanthu, ndiye kuti mfundo zinayi za coonadi zimene Buda anaphunzitsa zagwa, pamodzi na cabwino na coipa. Nagarjuna amamubwezela mlandu. Kuvutika kukanakhalapo pakokha, popanda coyambitsa, sikukanatha. Kumatha cifukwa kumadalila zina, monga mmene moto umazimila malasha akatha. Apa m'pamene n'namvetsa kuti bukuli silinyoza mavuto a munthu. Likuonetsa cifukwa cake angathe kusintha.

Koma nili nalo dandaulo. Ndakatulo zake n'zifupi kwambili, ndipo zimakana mfundo iyi, n'kukananso ina, mwina caputa yonse n'kutha osakupatsa pogwila. Popanda womasulila ngati Chandrakirti, wa m'zaka za m'ma 600, wowelenga watsopano amagwela m'dzenje limene n'nagwelamo. Mwiniwake anadziwa ngozi imeneyi, pakuti anayelekezela kumva molakwa shunyata na kugwila njoka molakwika. Cenjezoli n'labwino, koma limabwela mu caputa 24, ambili atalumidwa kale.

N'cifukwa cake niona kuti m'Cinyanja tileke kukamba kuti "kupanda kanthu". Tizikamba kuti "kusadziimila pacokha". Ndipo ukatenga bukuli, yambila pa caputa 24, kenaka ubwelele ku moto.