Bondo limodzi pansi ku Manchester

Azakhali anga amagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Manchester. Nditawachezera, maso anga anali pa manja ndi maondo awo akamapereka moni.

Kwathu ku Dedza moni sathamangira. Mlendo amati "Odi!", am'patse pokhala, kenako eninyumba abwere mmodzimmodzi. Mayi amagwada, n'kupereka dzanja lamanja, lamanzere litagwira pamkono, maso ali pansi. Akafunsa "Muli bwanji?" amafunsanso za ana ndi za amene mwawasiya kumudzi.

Ku Mangalande moniwo anachita kuuphwasula ngati njinga n'kuumanganso. M'khonde, mnzawo wa pantchito amangoponya kuti "Olayiti?" akudutsa. Mawuwa amamveka ngati funso, koma safuna yankho. Masiku oyamba azakhali ankaima n'kuyamba kufotokoza za msana wawo, mpaka anazindikira kuti mapazi a wofunsayo aloza kale kumene akupita. Lero amabweza mawu omwewo, agwedeze mutu kamodzi, osasiya kuyenda.

Luso lenileni ndinaliona pa chitseko cha gogo wina wosamva bwino. Azakhali amagogoda kawiri n'kudikira, ndiye odi wawo ameneyo. Akalowa sadzera kumbuyo kwa mpando, kuopa kumudzidzimutsa. Amazungulira kufikira gogoyo atawaona, kenako amatsika pang'onopang'ono, bondo limodzi pansi. Pa maphunziro a ntchito anawauza kuti munthu wokhala pansi usamuyankhule uli chiimire, nkhope zizikhala molingana. Anzawo ambiri amangowerama, msana n'kuyamba kuwawa. Azakhali bondo linazolowera kuyambira ali mtsikana, moti amatsika osagwira kanthu.

Chimene chinasintha ndi maso. Kwathu kuyang'anitsitsa wamkulu ndi chipongwe, koma kuno ukayang'ana pansi amayesa ukubisa kanthu, komanso gogoyu amamva poona milomo. Ndiye azakhali amadzutsa nkhope, kuwala kwa pawindo kuziwomba pakamwa pawo.

Dzina ndilo linawavuta koposa. Gogoyu amafuna kuitanidwa ndi dzina lake loyamba, lopanda "a" kutsogolo, ndipo Chingerezi sichisiyanitsa "iwe" ndi "inu". Ulemu umene ukanakhala m'mawu azakhali anausamutsira m'kayankhulidwe: amatchula dzinalo mofatsa, apume pang'ono, kenako apereke moni wa m'mawa.

Dzanja la gogo salitola okha. Amatambasula chikhatho chawo pafupi ndi bondo lake n'kudikira kuti mwiniwake aikepo zala, ndipo safinya chifukwa cha nyamakazi. Pamene zalazo zikufika, dzanja lamanzere la azakhali limapita lokha kukagwira pamkono wamanja, monga amachitira polonjera apongozi kumudzi. Nditawafunsa, anati sadziwa n'komwe kuti amatero.