Mizere itatu ya mlembi wa komiti ya ukwati

Pa msonkhano woyamba wa komiti ya ukwati aliyense amakhala wolemera. Malume a mkwatibwi aimirira nkunena kuti K200,000 ndi yawo, anthu nkuwomba m'manja, anzake a mkwati a kuntchito nawo nkulonjeza zawo. Mlembi wodziwa ntchito yake amawomba nawo m'manja, koma mu kope lake la hadikava ndalamayo amailemba pa mzere wa malonjezo pokha. Mzere wa zoperekedwa sugwidwa mpaka msungichuma ataiwerenga ndalamayo ndi zala zake.

Kajambulidwe ka tsambalo nkosavuta. Kumanzere kuli nambala ndi dzina, kenako lonjezo, kenako zoperekedwa, kumapeto zotsala. Chimene ndimasilira ndi mmene alembi ena amagawira mzere wapakatiwo m'timizere ting'onoting'ono, kalikonse ndi tsiku la msonkhano pamwamba, chifukwa anthu sapereka kamodzi. Malume aja abweretsa K50,000 Lamulungu lino, K80,000 kumapeto kwa mwezi akalandira. Zonse ziwiri zimaoneka pa tsiku lake, ndipo zotsala, K70,000, zimalembedwa ndi pensulo, poti nambala imeneyi imasintha msonkhano uliwonse. Lonjezo ndi zoperekedwa ndi za bolopeni. Pakalakwika, amadula kamzere kamodzi kuti nambala yakaleyo izionekabe, nkusaina pambali. Kufufuta ndiye kumabala manong'onong'o.

Pansi pa tsamba mlembi amadziyesa yekha. Akaphatikiza malonjezo onse nkuchotsapo zoperekedwa zonse, yankho liyenera kufanana ndi zotsala zonse ataziphatikiza payekhapayekha. Zikasiyana, pali pamene palakwika, ndipo kawirikawiri wapalamula ndi munthu wabwino mtima. Mayi wina analonjeza K20,000 koma wapereka K25,000, kapena mlendo amene sanalonjeze kanthu wangosiya K10,000 patebulo. Zotsala zawo ndi ziro, koma ndalama zolowa zaposa lonjezo, ndiye masamu akana. Mlembi wochenjera amakweza lonjezo la mayiyo kufika pa K25,000, ndipo mlendoyo amamulembera lonjezo lofanana ndi zomwe wapereka. Akapanda kutero, ndalama zowonjezerazo zimabisa ngongole za ena, komiti nkumaganiza kuti yatsala pang'ono kumaliza kutolera.

Za pa foni zili ndi msampha wakewake. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umabwera ndi dzina la mwini nambala, pamene azakhali atumiza kudzera kwa ejenti wa pamsika kapena pa foni ya mdzukulu wawo. Nchifukwa chake pambali pa ndalama yotere mlembi amalembapo tsiku ndi manambala omalizira a foni yotumizira, kuti azakhaliwo akadzati "ine ndinapereka kalekale," pakhale polozera. Ndalama yodulidwa potapa nayonso siichotsedwa pa dzina la wopereka. Amene watumiza K30,000 wapereka K30,000, ndipo yodulidwayo imapita ku tsamba la zotuluka.

Thumba la mpunga, nkhuku kapena galimoto yonyamula akwati sizilowa m'mizere ya ndalama. Zili ndi tsamba lake, ndipo mpungawo ukafika amaudula pa bajeti. Kuuwerengera ngati kwacha kumanamiza msungichuma kuti ali ndi ndalama zoti alipirire holo, chonsecho mwini holo salandira mpunga.

Phindu la zonsezi limaoneka kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike. Tinene kuti bajeti ndi K2,400,000, malonjezo afika K2,600,000, ndipo wapampando akumwetulira kuti zaposa. Mlembi atsegula kope: zolowa ndi K1,500,000, zotsala K1,100,000. Sathera pomwepo. Amayendetsa chala pa timizere ta masiku tija nkuona kuti K600,000 mwa zotsalazo ili kwa anthu anayi amene sanaperekepo ngakhale tambala, ndipo kumisonkhano anasiya kubwera. Munthu amene wapereka kawiri nthawi zambiri amamaliza, koma wa mzere wopanda kanthu sungamudalire. Choncho ndalama yoyembekezeka ndi K2,000,000, ndipo K400,000 iyenera kudulidwa pa zokongoletsa kapena zakumwa tsiku lomwelo, asanapereke dipoziti. Wina amati perekaniperekani adzakwirira, koma ndalama ya perekaniperekani imabwera ophika ndi a zokuzira mawu atafuna kale zawo, komanso imayenera kukayambitsa banja la anawo.

Powerenga lipoti pagulu, mlembi wabwino amatchula mayina a omaliza ndi kuwathokoza, zotsala nkuzinena zonse pamodzi opanda dzina. Malume samawachititsa manyazi pamaso pa apongozi. Amawatengera pambali msonkhano ukatha: "Malume, pepani, pa dzina lanu patsala K70,000, tingayembekezere liti?" Tsiku limene iwo atchule amalilemba ndi pensulo pambali pa dzinalo, ndipo likakwana amaimba foni.

Inu amene mumakhala m'makomiti, musanawombere m'manja chiwerengero cha malonjezo, pemphani mlembi akuwerengereni kaye zomwe zili m'manja mwa msungichuma.