Dzanja la Akauntanti Pamene Wachitatu Alowa M'bizinesi

Munthu akalowa m'bizinesi ya anthu awiri yomwe yayenda zaka zingapo, amapeza zinthu zina zomwe sizili pa shelefu. Makasitomala anazolowera kale khomo, a holoselo amapereka katundu pa ngongole osafunsa zambiri, ndipo dzina la shopu likudziwika mpaka kwa amisiri omanga nyumba. Zimenezi owerengera ndalama amazitcha gudiwilu. Wobwerayo ali ngati wolandira munda woti ena anaswa kale mphanje ndi kuzula zitsa, choncho pamwamba pa mpamba wake amalipiranso ndalama ina. Luso la akauntanti limaoneka pa funso limodzi: ndalama yapamwambayi ndi ya ndani?

Tiyerekeze shopu ya zipangizo zomangira nyumba ya eni ake awiri, bambo wina ndi mayi wina. Akaunti ya mpamba ya bamboyo ili ndi K6,000,000, ya mayiyo K4,000,000, ndipo phindu amagawana 3:2. Tsopano akufuna kutenga mnyamata wina kuti akhale mwini mnzawo, azilandira gawo limodzi mwa magawo asanu a phindu. Onse awiri ayenera kuvomera. Lamulo la ku Britain la mu 1890 lokhudza mabizinesi a m'gwirizano, lomwe mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain anatengerako, limati pokhapokha atapangana mwina, munthu salowetsedwa ngati mwini wina wakana.

Akauntanti wodziwa ntchito sayamba ndi ndalama ya mnyamatayo. Amayamba wayeza mtengo wa gudiwilu. Njira yodziwika ndi kutenga phindu la zaka zingapo zapitazo, kupeza la pakatikati, ndi kulichulukitsa ndi zaka zomwe eni ake apangana. Pano tinene kuti phindu la pakatikati ndi K5,000,000 pa chaka, ndipo apangana zaka ziwiri. Gudiwilu ndiye ndi K10,000,000. Gawo limodzi mwa asanu la ndalamayi ndi K2,000,000, ndipo imeneyi ndiyo yapamwamba ija. Mnyamatayo abweretsa K5,000,000 ya mpamba ndi K2,000,000 ya gudiwilu, zonse pamodzi K7,000,000 kulowa ku banki ya shopu.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Aona 3:2 pamwamba pa pepala, basi agawa: K1,200,000 kwa bambo, K800,000 kwa mayi. Katswiri amaika pensulo pansi n'kufunsa kuti, "Gawo la mnyamatayu likuchoka kwa ndani?" Funso limeneli ndilo mtima wa ntchito yonse, chifukwa ndalama yapamwamba si mphotho ya zaka zakale. Ndi chipepeso cha phindu la m'tsogolo lomwe wina wavomera kulisiya.

Tinene kuti atatuwa apangana kugawana 2:2:1. Akauntanti amalemba mizere itatu. Bambo anali ndi magawo atatu mwa asanu, tsopano ali ndi awiri: wataya limodzi. Mayi anali ndi awiri, akadali ndi awiri: sanataye kanthu. Mnyamata wapeza limodzi, lomwe ndi la bambo lija. Choncho K2,000,000 yonse ipita ku akaunti ya mpamba ya bambo. Mayiyo akhoza kudandaula kuti, "Kodi inetu sindinagwireko ntchito kuti dzina la shopuyi limveke?" Yankho ndi lakuti anagwiradi, ndipo n'chifukwa chake chaka chilichonse azilandirabe magawo ake awiri osachepa. Sanagulitse kanthu, ndiye palibe chomulipira.

Chosangalatsa n'chakuti wogawa 3:2 uja nthawi zina amalondola. Pangano likangonena kuti mnyamatayo atenga gawo limodzi mwa asanu, osatchula kochokera, magawo anayi otsalawo akale aja amagawana monga mwa kale. Bambo atsika kuchoka pa 15/25 kufika pa 12/25, mayi kuchoka pa 10/25 kufika pa 8/25. Bambo wataya atatu, mayi wataya awiri, ndipo K1,200,000 ndi K800,000 zikhala zoona. Manambala ake ndi omwewo, koma mmodzi wafikapo mwamwayi, wina wafikapo atayeza.

Tsono katswiri sakhulupirira yankho lomwe walipeza panjira imodzi. Amajambula akaunti ya mpamba ya madanga atatu mbali ya debiti ndi atatu mbali ya kirediti, dzina la mwini aliyense pamwamba pa danga lake. Kenako amatsegula gudiwilu kwa kamphindi. Mbali ya kirediti amalemba K10,000,000 yonse mogawa 3:2, chifukwa anaipanga ndi akale aja: K6,000,000 kwa bambo, K4,000,000 kwa mayi. Pomwepo amaifufuta mbali ya debiti mogawa 2:2:1: K4,000,000 kwa bambo, K4,000,000 kwa mayi, K2,000,000 kwa mnyamata. Onani zotsala. Bambo wakwera ndi K2,000,000. Mayi zake zafafanizana. Mnyamata, yemwe K7,000,000 yake inalembedwa yonse mbali ya kirediti, watsika ndi K2,000,000. Njira ziwiri zosiyana zakumana pamalo amodzi, ndipo pamenepo m'pomwe rula imatuluka kudula mizere iwiri pansi pa akauntiyo.

Gudiwilu imafufutidwa chifukwa mtengo wake ndi wongopangana, ndipo ungathe kugwa mawa shopu ina ikatsegulidwa tsidya la msewu. Ndondomeko ya IAS 38 nayonso simalola bizinesi kulemba gudiwilu yodzipangira yokha ngati katundu wake. Gudiwilu imalowa m'buku kuti ikonze akaunti za eni, ikatero n'kutuluka.

Kuyesa komaliza n'kophweka. Bambo tsopano ali ndi K8,000,000, mayi K4,000,000, mnyamata K5,000,000, pamodzi K17,000,000. Mpamba wakale unali K10,000,000 ndipo ku banki kwalowa K7,000,000. Zagwirizana. Akauntanti akapeza K27,000,000, adziwe kuti watsegula gudiwilu osaifufuta. Akapeza kuti mnyamata wakhala ndi K7,000,000, ndiye kuti ndalama ya bambo ikadali m'danga la wina. Koma dziwani kuti wogawa 3:2 molakwa uja nayenso amapeza K17,000,000. Buku likhoza kulingana mbali zonse ziwiri pamene munthu walandidwa K800,000. N'chifukwa chake mizere itatu ya wataya ndi wapeza ija siyenera kudumphidwa.

Nthawi zina eni amafunanso kuti mipamba yawo ifanane ndi kagawidwe ka phindu. Ngati K5,000,000 ya mnyamata ikuimira gawo limodzi mwa asanu, mpamba wonse uyenera kukhala K25,000,000, akale aja K10,000,000 aliyense. Bambo awonjezera K2,000,000, mayi K6,000,000. Akauntanti wabwino amaonetsa mayiyo chiwerengero chimenechi asanasaine, chifukwa mawu ooneka opepuka m'pangano akhoza kumutumiza ku banki kukatenga ngongole.

Palinso mchitidwe woti wobwerayo amapereka ndalama yapamwamba m'manja mwa akale, osadutsa m'mabuku a shopu. Zikatero m'leja simulembedwa kanthu za gudiwilu, ndipo mkangano ukadzabuka umboni umakhala pa lisiti yokha, ngati inalembedwa n'komwe.

Inu amene mukufuna kutenga mwini wachitatu, musasainirane pangano lomwe langotchula gawo la wobwerayo. Litchulenso gawo latsopano la aliyense wa inu, mtengo wa gudiwilu ndi mmene mwaupezera. Zitatuzi zikalembedwa, wowerengera ndalama wanu adzadziwa danga loikamo tambala iliyonse.