Luso lodziwa baiti imene iyenera kutsogola

Amisiri amene amalumikiza timakina ndi kompyuta kudzera pa waya ndimawavulira chipewa pa chinthu chimodzi: nambala yooneka pa sikirini saikhulupirira asanafunse kuti mabaiti ake anabwera mwa dongosolo lanji.

Baiti imodzi imasunga nambala kuyambira 0 mpaka 255 basi. Nambala 1000 imafuna mabaiti awiri, `0x03` ndi `0xE8`. Purosesa ya x86 imaika `0xE8`, baiti yaing'ono, pa adiresi yoyamba ya memore, `0x03` n'kutsatira. Koma Modbus, imene Modicon inayambitsa mu 1979, imatumiza baiti yaikulu poyamba. Mukakopera mabaitiwo mu memore mmene afikira, kompyuta iwerenga `0xE803`, yomwe ndi 59395. Waya ali bwinobwino, CRC yavomereza, koma nambala ndi yabodza.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba watumiza nambala yodziwika ngati `0x0102`, n'kuona kuti wafika poyamba ndani. Amadziwanso chizindikiro chake: nambala ikamadumpha ndi 256 pamene imayenera kukwera ndi 1, mabaiti atembenuka. Akatero amaimanga yekha:

```c
v = (b[0] << 8) | b[1];
```

Mzere umenewu umapereka 1000 pa purosesa iliyonse, chifukwa sudalira mmene memore inayalidwira.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti samayesa kuti lamulo limodzi likwanira uthenga wonse. Mu Modbus RTU momwemo, CRC imatumizidwa baiti yaing'ono poyamba, mosemphana ndi manambala enawo. Nambala za mabiti 32 zimatenga marejisita awiri, ndipo opanga zipangizo amasiyana pa imene imatsogola, choncho iye amayesanso ndi `0x01020304`.