Switi ya ku Bonn, lilime la ku Italiya

Amene anakulira ku George kapena ku Matero adziwa dzina la Parmalat, limene kwa zaka zambiri linali pa fakitale ya mkaka mumsewu wa Mungwi, ku Heavy Industrial Area. Dzinalo linachokera ku Italiya: Parma ndi mzinda, "latte" ndi mkaka. Linafika kuno osasintha chilembo, pakuti dzina limayenda lokha. Mawu oitanira malonda ndiye sayenda choncho. Akafika pamalire a chilankhulo china amafa, pokhapokha wina awaumbenso. Tiyeni tione mmene Ataliyanawo anachitira pamene katundu wa eni anabwera kwawo.

Haribo ndi kampani ya maswiti otafuna imene Hans Riegel anayambitsa ku Bonn, ku Jeremani, mu 1920. M'zaka za m'ma 1930 inayamba kuitanira malonda kuti "Haribo macht Kinder froh", ndiye kuti Haribo isangalatsa ana. M'ma 1960 anawonjezera mchira: "und Erwachsene ebenso", ndi akuluakulu omwe. Kukoma kwake kuli mumchiramo. Ukamva mzere woyamba uganiza kuti nkhani yatha, kenaka wachiwiri ugwira bambo wandevu dzanja lili m'paketi ya mwana.

Womasulira liwu ndi liwu akanalemba m'Chitaliyana kuti "Haribo rende felici i bambini, e anche gli adulti". Palibe cholakwa, ndipo mphunzitsi akanachonga. Koma mawu awa amaimbidwa pa wailesi. Ombani m'manja pa phatikizo lililonse: mzere woyamba wa Chijeremani ugunda kasanu ndi kawiri, pamene wa Chitaliyana uwu upitirira khumi. Sungalowe m'nyimbo, monga munthu wachisanu salowa pampando wa anthu anayi m'minibasi popanda wina kulira. Komanso "bambini" ndi "adulti" salirana bwino, ngakhale onse athera pa "i", chifukwa mphamvu ya liwu igwera pakati, pa maphatikizo osafanana.

Zimene anasankha ndi izi: "Haribo è la bontà che si gusta ad ogni età". M'chathu tingati, Haribo ndiko kukoma kumene munthu amva pa msinkhu uliwonse. Ana achoka, akuluakulu achoka, chisangalalo nacho chachoka. Koma ombaninso m'manja. Mzere woyamba ugunda kasanu ndi kawiri. Wachiwiri nawo chimodzimodzi, pakuti Mtaliyana amameza mavawelo okumana: "gusta ad" aphatikana, "ogni età" aphatikana.

Luso lenileni lili pa mawu otsiriza. Chitaliyana chili ngati Chinyanja: mawu ambiri amalemera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga tichitira ponena "nsima" kapena "chakudya". Nyimbo ya Haribo ifuna liwu logwa mwamphamvu kumapeto kwenikweni. Mawu otere ndi ochepa m'Chitaliyana, ndipo "bontà" ndi "età" ali m'gulu lochepalo. Kuwonjezera apo, "bontà" ali ndi nkhope ziwiri: kukoma kwa chakudya ndi ubwino wa munthu. Ife izi sitizidabwa, popeza ndiwo zimakoma, mtima nawonso umakoma.

Manje chiweruzo changa. Wolembayo anapambana pa khutu, koma analipira. Nthabwala ya bambo wogwidwa ija inatayika. "Msinkhu uliwonse" ndi mawu aulemu opanda nkhope, oti ungawaike pa phala, pa mkaka, ngakhale pa mankhwala a chifuwa. Ndiponso m'Chijeremani "froh" ndi "ebenso" athera pa "o" wa dzina la Haribo, choncho nyimbo ikubwezera ku dzinalo. M'Chitaliyana malekezero a mizere salozanso kwa mwini katundu. Komabe ndivomereza kusinthanitsako. Mawu olondola amene sangaimbike sagulitsa switi ngakhale imodzi pa kantemba.

Nkhaniyi itikhudza chifukwa ena mwa inu mudzapatsidwa kantchito kotere ndi makampani opanga zakudya kuno, amene amayamba kulemba m'Chingelezi, Chinyanja nkubwera pambuyo ngati mlendo. Musanalembe, funsani ngati mawuwo adzaimbidwa kapena adzalembedwa pa chikwangwani. Kenaka pezani chinthu chimodzi chimene sichiyenera kufa, ndipo zinazo muzilole zipite. Ine ndikanasunga nthabwala ija, ndikusiya kulirana kwa malekezero, pakuti Chinyanja chimakonda mizere iwiri yoyendera limodzi: "Mwana atafuna, agogo apempha." Iliyonse igunda kasanu ndi kamodzi.

Mukamaliza, kaiyeseni pa ana akomboni. Nenani kamodzi chabe, mupite. Mukamva mawa akuibwereza pampopi, yagwira. Ndipo bwana akafuna kukulipirani powerenga mawu, muuzeni kuti mawu anayiwo anadya tsiku lonse.